Achimwene atapa K12 miliyoni ku kampani yathu akuti ndi ngongole, ndisaine kapena ayi?

Abiti Saidi: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndithandizeni maganizo chifukwa tulo sindikupeza. Tili ndi kampani ya pabanja, tinalembetsa bwinobwino ngati limitedi, timagula nsomba ku Makawa ndi ku Malembo kusunga mu chipinda chozizira pa boma pano nkumatumiza ku Limbe pa lole yathu. Eni ake tilipo atatu, achimwene aakulu ali ndi 50 peresenti ya masheya, ine 25, mlongo wanga wamng'ono 25, ndipo tonse atatu ndife madayirekitala. Dzana akauntanti wabweretsa mabuku a chaka kuti tisaine nde ndikuona mzere wolembedwa `Amount due from director`, kutanthauza ndalama zomwe dayirekitala ayenera kubweza ku kampani, pali K12 miliyoni. Kufunsa akuti achimwene anatenga 5 miliyoni mu Malichi, 4 mu Juni, 3 mu Ogasiti kukamalizira nyumba yao kwa Mponda. Ine osauzidwa olo tsiku limodzi. Pano akuti ndisaine maminitsi olembedwa deti ya mu Febuluwale ngati tinakhala pansi nkuvomereza. Sindikufuna kudana ndi m'bale wanga koma mtima ukukana.

Che Twaibu wa Hadiweya: Achemwali pepani koma ine sindikuonapo vuto lalikulu apa. Munthu ali ndi theka la kampani, ndiye kuti theka la ndalama zili mu akaunti ndi zake. Bola wanena kuti abweza. Ine pa shopu panga ndikafuna simenti yomangira ndimangotenga nkulemba mu kope.

Nankhoma Akauntanti: Che Twaibu shopu yanu munalembetsa dzina la bizinesi chabe kapena ndi limitedi?

Che Twaibu wa Hadiweya: Dzina basi amayi

Nankhoma Akauntanti: Eya ndiye kusiyana kwake kuli pomwepo. Inuyo ndi shopu yanu ndinu munthu mmodzi, thumba ndi limodzi, mukatenga simenti mwatenga yanu. Koma limitedi pamaso pa malamulo ndi munthu payekha. Ndalama ili mu akaunti ya kampani si ya achimwene awo, si ya Abiti Saidi, ndi ya kampani. Masheya 50 peresenti amawapatsa mavoti ndi gawo la phindu likagawidwa, samawapatsa chilolezo chopisa dzanja mu akaunti. Ndipo dayirekitala ali ngati munthu wosungitsidwa katundu wa wina, nchifukwa chake lamulo la makampani la 2013 lija linayamba kugwira ntchito mu 2016 limafuna kuti dayirekitala akakhala kuti iye mwini apindula pa mgwirizano wina ndi kampani aulule kwa anzake, zilembedwe. Pa ngongole ngati iyi munthu mmodzi yemweyo akukhala wobwereka komanso wobwereketsa, ndani angayankhulire kampani kuti iyayi chiwongoladzanja chachepa kapena nthawi yatalika?

Abiti Saidi, yankho la funso lanu loyamba ndi lalifupi. Maminitsi a Febuluwale musasaine. Msonkhanowo sunachitike, mukasaina mwachitira umboni chinthu chabodza ndipo mawa zikavuta pepala lomwelo lidzanena kuti munadziwa ndipo munalola.

Bambo a Shakira: Imeneyo ndi mbava basi pitani ku polisi achemwali, 12 mita si yamasewera

Abiti Saidi: Ayi bambo a Shakira, munthu wobadwa naye bere limodzi sindingamutengere ku polisi. Ndipo sanabise mpaka kalekale, anauza akauntanti kuti alembe ngati ngongole. Chomwe ndikufuna ndi chakuti ndalama ibwerere komanso dzina langa lisalowe mmavuto.

Nankhoma Akauntanti: Ndifunse kaye zinthu zitatu. Ku banki amasaina ndani kuti ndalama ituluke? Kampani ili ndi ngongole ku banki? Nanga malamulo a kampani yanu, aja munapereka polembetsa kwa Rejisitirala, muli nawo kope lake?

Abiti Saidi: Amasaina awiri aliwonse mwa atatufe, ndiye anasainira ndi wamng'onoyu maulendo onse atatu. Ku banki tili ndi ovadirafuti ya K8 miliyoni yomwe tinatenga kukonzera makina a chipinda chozizira, mpaka pano sitinamalize. Mapepala olembetsera ali kwa achimwene koma ndikhoza kuwapeza.

Nankhoma Akauntanti: Eish apo ndiye pali nkhani. Taonani bwino, kampani ikulipira banki chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi pa 8 miliyoni pamene 12 miliyoni yake ili pa nyumba ya munthu ulere. Ikanakhala mu akaunti ovadirafuti yonse ikanatha nkutsala 4 miliyoni yogulira usipa. Tingoyerekeza kuti banki ikukudulani 30 peresenti pachaka, inu muone nambala yeniyeni pa kalata yanu ya ngongole, pa 8 miliyoni ndi K2.4 miliyoni pachaka, K200,000 mwezi uliwonse, ndipo kotala ya ndalama imeneyo ikutuluka mthumba lanu inuyo. Ndiye akamati palibe waluza sizoona.

Chachiwiri kawerengeni kalata ya ovadirafutiyo. Makalata ambiri otere amakhala ndi ndime yoti kampani isabwereketse ndalama kwa madayirekitala kapena abale awo banki isanalole molemba. Ngati ndime imeneyo ilimo ndiye kuti mwaphwanya kale mgwirizano ndipo banki ikhoza kuitanitsa ndalama yake yonse kamodzi. Adzadziwa bwanji? Mabuku omwewa mukufuna kusainawa ndi omwe mumapereka ku banki akamaonanso ovadirafuti chaka chikatha, ndipo mzere umenewo ndi woyamba omwe ofisala wa ngongole amayang'ana. Nthawi zambiri madayirekitala amasainanso garanti yao yao, kulonjeza kuti kampani ikalephera alipira ndi thumba lao, ngati munasaina ndiye banki idzafika pakhomo panu.

Abiti Saidi: Garanti tinasaina tonse atatu. Mayo ine

Jafali ku Joni: Moni kumudzi. Ine kuno ndimagwira ku ofesi ya kampani yonyamula katundu ku Jemisitoni, izi ndimaziona. Lamulo la makampani la kuno la 2008 lili ndi gawo 45, kampani singabwereke dayirekitala ndalama pokhapokha eni masheya atavomereza ndi sipesho rezolushoni, chigamulo chapadera chofuna mavoti ochuluka kuposa chawamba, yomwe sinapitirire zaka ziwiri, komanso bodi itsimikize kuti ikatulutsa ndalamayo kampani ikhalabe yotha kulipira ngongole zake ndipo katundu wake aposabe ngongole, komanso kuti mfundo za ngongoleyo ndi zachilungamo kwa kampani. Akadumpha zimenezi mgwirizanowo umakhala wopanda mphamvu ndipo madayirekitala omwe analola akhoza kulipira ndi thumba lao. Ndiye achemwali auzeni achimwene anuwo kuti aphwanya gawo 45.

Nankhoma Akauntanti: Achimwene Jafali mwafotokoza bwino koma gawo 45 ndi la ku Joni, kampani ya achemwaliwa inalembetsedwa ku Malawi, akakatchula nambala imeneyo loya wa mbali inayo adzangoikankhira kumbali. Koma njira yake ndi yomweyo yomwe munthu aliyense wosamala amatsata ngakhale kuno. Ine kasitomala akandiuza kuti dayirekitala akufuna kubwereka ndimati choyamba tiwerenge malamulo a kampaniyo chifukwa ena amaletseratu, ena amaika malire a ndalama, ena amati eni masheya avomereze. Kenako wobwerekayo alembe kalata kupempha, kunena ndalama zingati ndi za chiyani. Bodi ikhale iye atatuluka panja, asavote. Kenako nkhani ipite kwa eni masheya ataona mfundo zonse, osati kungoti tikubwereka achimwene ndalama ayi, koma zingati, chiwongoladzanja chanji, kubweza liti, chikole ndi chiyani. Banki ilole ngati kalata yake ikutero. Mgwirizano usainidwe. Ndalama ituluke pamapeto penipeni. Kwa inu zinayambira kumchira.

Mai Phiri a ku Namwera: Ife ku banki mkhonde kwathu munthu akabwereka timamuika 20 peresenti pamwezi ndipo akalephera timakatenga mbuzi. Bwanji osangowaika chomwecho achimwenewo, miyezi isanu ndalama yabwerera kawiri

Che Twaibu wa Hadiweya: Amayi 20 peresenti ya 12 miliyoni ndi 2.4 miliyoni pamwezi, munthuyo agulitsa nyumba yomweyo

Abiti Saidi: Amayi Nankhoma ndiye tikonza bwanji poti ndalama inatuluka kale?

Nankhoma Akauntanti: Zimakonzeka koma ndi deti ya lero. Muitanitse msonkhano weniweni, molemba, maminitsi anene zoona zokhazokha, kuti pa masiku akuti akuti ndalama zakuti zinatuluka popanda chilolezo cha bodi, dayirekitala uje akuvomera kuti ndi ngongole yake, ndipo eni masheya akuvomereza tsopano pa mfundo izi. Kuvomereza chinthu chitachitika kale ndi kololedwa, kunamizira kuti munavomereza kale ndi komwe kuli koipa.

Mfundozo tiyeni tiwerengetse. 12 miliyoni kubweza miyezi 24 ndi K500,000 pamwezi popanda chiwongoladzanja. Mukaika 30 peresenti ija kuti ifanane ndi ya banki, mwezi woyamba chiwongoladzanja chokha ndi K300,000, zonse pamodzi K800,000, kenako chimatsika pang'onopang'ono ngongole ikamachepa. Achimwene anu amalandira zingati ku kampani?

Abiti Saidi: K900,000 asanadule msonkho, ndi amene amayendetsa zonse tsiku ndi tsiku

Nankhoma Akauntanti: Ndiye miyezi 24 sangakwanitse, mukalemba zimenezo mwalemba pepala loti liphwanyidwe mwezi wachiwiri. Miyezi 36 ndi pafupifupi K333,000 kuphatikiza chiwongoladzanja chija ifika cha mma K633,000 poyamba, ndi yolemerabe. Mwina mugwirizane kuti pa salale azidulidwa yomwe angathe, ndipo dividendi yao iliyonse, lomwe ndi gawo lao la phindu la kampani, ikatuluka isafike mmanja mwao ipite ku ngongole. Muganizirenso kuti bizinesi ya nsomba ili ndi miyezi yake yowuma nyanja ikatsekedwa kapena mwera ukalimba, kampani imafuna ndalama yambiri nsomba zikachuluka, ndiye kubwezako kulemere miyezi isanafike nyengo yogula.

Che Twaibu wa Hadiweya: Nanga osangolengeza dividendi ya 12 miliyoni kwa akuluwo nkhani ithe?

Nankhoma Akauntanti: Apa mwakhudza njira yeniyeni koma theka lake. Dividendi sapatsa munthu mmodzi, imagawidwa malinga ndi masheya. Ndipo imadulidwa msonkho wa 10 peresenti pomwepo kupita ku MRA. Kuti akuluwo atsale ndi 12 miliyoni yofafanizira ngongole gawo lao liyenera kukhala pafupifupi 13.3 miliyoni, ndiye dividendi yonse ikhale pafupifupi 26.7 miliyoni, theka linalo achemwaliwa ndi mlongo wao agawane. Kampani yomwe ikulephera kutseka ovadirafuti ya 8 miliyoni ili ndi phindu lotere? Ndipo madayirekitala asanagawe dividendi ayenera kukhutira kuti kampani ikhalabe yotha kulipira omwe ili nawo ngongole. Kugawa dividendi asodzi ndi banki asanalipidwe ndi kudziitanira mlandu wina.

Ustazi Mdala: Salamu kwa nonse. Ndawerenga kuchokera pamwamba, pali chinthu chimodzi chomwe sichinakhale bwino kwa ine. Banja ili ngati ndi la Chisilamu monga dzina likuonetsera, kuika chiwongoladzanja pa ngongole ya m'bale ndi riba ndipo ndi haramu, wolandira ndi wopereka onse. Ngongole yabwino munthu amabweza yomwe anatenga basi. Koma zolemba ndikugwirizana nazo kwathunthu, chipembedzo chathu chomwe chimatilamula kuti ngongole ya nthawi yoikika ilembedwe ndipo pakhale mboni. Ndiye achimwenewo analakwa posalemba ndi posauza mlongo wao, koma musakonze cholakwa ndi cholakwa china.

Abiti Saidi: Ustazi mwandilankhulira, achimwene akanamva za chiwongoladzanja akanayambira pomwepo kukana. Ngakhale ovadirafuti ija tinatenga mitima ikuwawa.

Nankhoma Akauntanti: Ustazi ndalemekeza mau anu ndipo palibe chokakamiza kuti ngongole ikhale ndi chiwongoladzanja ngati eni masheya alola akudziwa. Koma adziwe mtengo wake. MRA ikaona wolembedwa ntchito, ndipo achimwenewa ali pa salale, wapatsidwa ngongole yaulere kapena yotsika kuposa ya pa msika, kusiyanako amakutenga ngati phindu lomwe kampani yapatsa munthuyo, ndipo pali msonkho wa firinji benefiti wa 30 peresenti womwe amalipira ndi kampani osati munthuyo, miyezi itatu iliyonse. Pa chitsanzo chathu chija, 30 peresenti ya 12 miliyoni ndi 3.6 miliyoni pachaka, msonkho wake K1,080,000. Imeneyo ikutulukanso mthumba la onse atatu. Ndiye ngati simukufuna chiwongoladzanja, mwina mgwirizano unene kuti msonkho umenewo achimwene abwezere kampani, ndipo nthawi yobweza ifupike.

China ndi kwacha yathuyi. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene anabwereka mwezi wa Okutobala chaka chimenecho nkubweza nambala yomweyo patapita zaka zitatu wabweza mapepala ofanana koma kompuresa ya chipinda chozizira yomwe ndalamayo ikanagula simungaipezenso pa mtengo uja.

Ustazi Mdala: Za kubwezera msonkho womwe boma ladula ndikuona kuti zikhoza kumveka poti kampani sikupindulapo kanthu, koma ndikufuna ndifunse kaye akuluakulu anga. Za kugwa kwa kwacha ma sheikh amasiyana maganizo, sindingagamule pano.

Jafali ku Joni: Nanga chikole? Nyumbayo ilembedwe ngati chikole basi poti ndalama inapita komweko

Abiti Saidi: Malowo ndi a kwa amfumu, alibe lizi. Alipo ndi kalata ya mfumu yokha.

Nankhoma Akauntanti: Popanda lizi chikole cha nyumba ndi chovuta, simungakalembetse ku ofesi ya malo ndipo tsiku lofuna kugulitsa mudzakumana ndi alamu anu ndi ana. Chogwirika ndi galimoto ngati ali nayo yaoyao, chikole cha katundu wosuntha chimalembetsedwa mu kaundula wa kwa Rejisitirala Jenerale pansi pa lamulo la 2013 la zikole za katundu wotere, kuti asakaikenso kwina kapena kugulitsa mwakachetechete. Apo pezani loya akulembereni, musachite nokha.

Abiti Saidi: Pikapu ali nayo. Koma pali china chomwe ndangomva madzulo ano ndipo manja akunjenjemera. Ndamuimbira wamng'onoyu kumufunsa chifukwa chomwe anasainira osandiuza, akuti nayenso anatenga K1.5 miliyoni ya fizi ya mwana ndipo akuluwo ndi amene anamusainira. Mmabuku akauntanti anaiphatikiza ku zogulira mafuta a lole.

Bambo a Shakira: Ndinanena ine

Nankhoma Akauntanti: Pepani achemwali. Iyi ya 1.5 ndi yaying'ono koma ndi yoopsa kuposa ya 12 ija. Ya 12 inalembedwa dzina lake lenileni. Iyi yabisidwa ngati mafuta, kutanthauza kuti phindu la kampani lachepetsedwa mwabodza ndipo msonkho omwe mukalipire ku MRA uchepa mwabodza, pa 30 peresenti ya msonkho wa makampani ndi K450,000. Mabukuwo musasaine mpaka ichotsedwe ku mafuta ipite pa mzere wa ngongole ya dayirekitala. Kuzindikira kwake nkosavuta, itanitsani sitetimenti ya banki ya chaka chonse, inu ngati dayirekitala muli ndi ufulu woona mabuku, nde muyang'ane ndalama zozungulira ngati 500,000 kapena miliyoni zomwe zinatuluka kashi kapena kupita ku akaunti ya munthu, muzifananitse ndi malisiti a pa filing'i siteshoni ndi maulendo a lole. Mafuta enieni sakhala nambala yosalala chomwecho.

Tsopano vuto la mavoti. Pa ngongole ya akuluwo iwo savota ku bodi, mutsala awiri, koma wamng'onoyo ali ndi chifukwa chowakondera. Pa ya wamng'ono chimodzimodzi. Ndiye wopanda mbali ndinu nokha.

Jafali ku Joni: Ndipo ku msonkhano wa eni masheya 50 kuphatikiza 25 ndi 75 peresenti, ndiyo nambala yomwe imadutsitsa ngakhale sipesho rezolushoni. Akhoza kungodzivomereza okha achemwali akukana.

Nankhoma Akauntanti: Ndi pomwe pakundidetsa nkhawa. Akuluwo paokha 50 siikwana ngakhale pa rezolushoni wamba poti imafunika kupitirira theka, koma awiriwo akagwirizana nambala ali nayo. Ngati mwini ngongole angavote ndi masheya ake pa nkhani yakeyake, yankho likhala mu malamulo a kampani yanu aja ndi mmene loya angawerengere lamulo, nchifukwa chake ndikuti mapepalawo muwapeze mawa lomwe. Ngakhale atadutsitsa, ochuluka saloledwa kugwiritsa ntchito mavoti kudzigawira chuma cha kampani wochepa nkumangoonerera, mwini masheya woponderezedwa akhoza kukadandaula ku Khoti Lalikulu, nthambi ya zamalonda ku Blantyre. Koma ndi ndalama zambiri ndi nthawi, ndipo ubale sutuluka wamoyo kumeneko. Chomwe muli nacho mmanja pano ndi siginecha yanu. Mukavota kukana uzani alembe mu maminitsi kuti munakana ndi chifukwa chake.

Mai Phiri a ku Namwera: Koma amalume anu alipo? Nkhani ngati iyi kwathu kuno imayamba ndi mwini mbumba, akuluwo sangakane pamaso pa amalume

Abiti Saidi: Alipo ku Malindi, ndi amene anatigawira masheya bambo atamwalira. Ndiwaitana akhale nawo ngati mboni. Ndifunsenso kamodzi amayi Nankhoma musanagone. Chaka chatha ine ndinaika K5 miliyoni yanga mu kampani injini ya lole itafa, tinangogwirizana pakamwa kuti idzabwezedwa. Mmabuku sindikuiona paliponse.

Nankhoma Akauntanti: Munatumiza kudzera ku banki kapena munapereka pamanja?

Abiti Saidi: 3 miliyoni ku akaunti ya kampani, 2 ndinapereka pamanja kwa makaniko ku Liwonde

Nankhoma Akauntanti: Ya 3 ili ndi umboni, ioneka pa sitetimenti, funsani akauntanti anailemba ngati chiyani chifukwa ndikuopa kuti anaitenga ngati malonda a nsomba, zomwe zikutanthauza kuti mulipira msonkho pa ndalama yanu yomwe. Ya 2 fufuzani lisiti kapena makanikoyo alembe kalata. Dayirekitala kubwereketsa kampani nkosavuta kusiyana ndi kubwereka, koma kumafunanso kuulula ndi rezolushoni ya bodi inu musakuvota, makamaka ngati mukufuna chiwongoladzanja kapena chikole, ndipo chiwongoladzanja chikakhalapo kampani imadula 20 peresenti kupita ku MRA isanakupatseni. Popanda chikole, kampani itagwa banki imayamba kutenga zake inu muli kumbuyo pamzere ndi ogulitsa ayisi. Ndipo musadzibwezere nokha mwakachetechete poona kuti anzanu anatapa, kalata ya banki ija mwina ikunenanso kuti ngongole za madayirekitala zisabwezedwe ovadirafuti isanathe.

Ikani nkhani zonse zitatu pa msonkhano umodzi, 12, 1.5 ndi 5 yanuyo, iliyonse ndi rezolushoni yakeyake. Akuluwo akaona kuti yanunso ikulembedwa mwina sadzamva ngati mukuwazenga mlandu.

Che Twaibu wa Hadiweya: Ine ndikadali pomwe ndinali pang'ono, munthu amene amadzuka 4 koloko kukadikira mabwato tsiku lililonse pa K900,000 mwina salale yakeyo ndi yomwe yachepa nchifukwa chake akutapa. Mukaikambenso imeneyo.

Abiti Saidi: Imeneyo ndi zoona Che Twaibu, salale sitinaisinthe chigwereni kwacha. Ndiika pa mndandanda. Ndawalembera uthenga achimwene kuti maminitsi a Febuluwale sindisaina ndipo tikumane Loweruka amalume alipo, abweretse mapepala olembetsera ndi kalata ya banki. Awerenga koma sanayankhe.

Ustazi Mdala: Za msonkho zija ndikubweretserani yankho Lachisanu tikatuluka ku Juma.

Nankhoma Akauntanti: Achemwali mukapeza malamulo a kampaniwo jambulani ndime yonena za dayirekitala amene nkhani ikumukhudza ndi ya chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano uchitike, munditumizire ku inibokosi. Ngati ikuti pafunika awiri ndipo wokhudzidwa sawerengedwa, Loweruka wamng'onoyo akangojomba bodi siikhala.